Antivayirasi yagwira mafayilo anga: ndifufute, ndibweze kapena ndingolola?

*Funso:* Akatswiri, ndithandizeni. Ndimalemba maakaunti pa laputopu ya Windows 11. Fulashi yanga inakalowa m'kompyuta ya munthu wina, ndipo nditaibweza kwanga antivayirasi inayamba kuchenjeza. Ndinasikana kompyuta yonse, n'kupeza izi:

```
Worm:VBS/Jenxcus!lnk        Quarantined     E:\Malipoti.lnk
Trojan:Win32/Wacatac.B!ml   Quarantined     C:\Malisiti\malisiti.exe
HackTool:Win32/AutoKMS      Action needed   C:\Windows\AutoKMS\AutoKMS.exe
```

Foda ya malipoti yasowa pa fulashi, pulogalamu ya malisiti imene anatilembera mnyamata wina yasiya kutseguka, ndipo Chingelezi cha pa mabataniwa chikundizunguza. Ndidine liti? — Mayi wodandaula

*Yankho:* Mayi, mtima pansi. Ndikukhulupirira kuti malipoti anu akadali pa fulashipo, ndipo palibe chikukukakamizani kudina batani lililonse mothamanga. Pamene palembedwa `Quarantined`, antivayirasi yachotsa fayilo pamalo pake, yasokoneza zam'kati mwake kuti isathe kugwira ntchito, n'kuisunga m'foda yakeyake. Ili ngati njoka yotsekeredwa m'botolo: ilipo ndithu, koma siluma munthu pokhapokha wina atatsegula chivindikiro. Choncho kusiya fayilo m'kwarantini si ulesi. Pa zonse zimene mungachite, ndi chokhacho chimene chimakutetezani lero koma n'kukusiyirani mpata wosintha maganizo mawa.

Mpatawo uli ndi malire ake. Microsoft Defender, yomwe ndi antivayirasi imene yakulemberani mainawa, imasunga zotsekeredwa kwa masiku 90 ngati palibe amene anasintha makonzedwe ake, kenako imazifufuta yokha. Tsamba la `Protection history` limasunga nkhani kwa milungu iwiri yokha. Ndiye musanachite kanthu, tsegulani mzere uliwonse mujambule ndi foni zonse zolembedwa, makamaka dzina la chogwidwacho ndi gawo la `Affected items`, pamene pali njira yonse ya kumene fayilo inali. Amene mudzamupemphe thandizo adzayamba wafunsa zimenezo.

Mabataniwo sali ofanana kulemera. `Remove`, kapena `Delete` pa maantivayirasi ena, limafufutiratu. Fayilo sipita ku `Recycle Bin`, ndipo simudzaionanso. `Restore` limaibweza pamalo pamene inali, ili ndi mphamvu zake zonse. `Allow on device` ndilo limene anthu amalitenga ngati lofatsa, pamene ndilo loopsa kuposa onse. Pa Defender, mukalola, simunalole fayilo imodziyo ayi, mwalola dzina la chogwidwacho. Chilichonse chimene chidzabwere mtsogolo n'kupatsidwa dzina lomwelo chidzangodutsa mwakachetechete. Maantivayirasi ena amasiyanitsa: pali `Skip` kapena `Ignore once`, kutanthauza kuti siya lero koma udzandifunsenso, ndipo pali `Ignore always` kapena `Add to exclusions`, kutanthauza kuti usadzayang'anenso. Loyambalo mungalidine pofuna nthawi yoganiza. Lachiwirilo limafuna umboni.

Mawu ofiira aja, `Severe` kapena `High`, asakusankhireni batani. Amanena kuopsa kwa mtundu wa chinthu chimene antivayirasi ikuganiza kuti yapeza, osati kutsimikiza kwake kuti yachipezadi. Ikaganiza molakwa kuti pulogalamu yabwino ndi yoba zinsinsi, idzalembabe `Severe`. Chimene chimakuuzani zambiri ndi dzina lenilenilo, ndipo lili ndi dongosolo lake lochokera ku mgwirizano wa akatswiri a gulu la CARO wa m'chaka cha 1991. Mawu oyamba, madontho awiri aja asanafike, ndi mtundu: chinthucho chimachita chiyani. Otsatira ndi malo amene chimagwirira ntchito: `VBS` ndi kafayilo ka malamulo olembedwa m'chinenero cha VBScript, `Win32` ndi pulogalamu ya Windows, ngakhale kompyuta yanu itakhala ya mabiti 64. Pambuyo pa kamzere kopendekeka pali dzina la banja, kenako chilembo cha mtundu wake m'banjamo, ndipo pambuyo pa chizindikiro cha `!` pali kamchira kofotokoza mmene chagwidwira kapena gawo lake limene lagwidwa. Kamchira kameneka ambiri sakawerenga, koma pa mizere yanu iwiri yoyamba ndi komwe kali ndi yankho.

Tiyambe ndi fulashi. `Worm` ndi kachilombo kamene kamadzifalitsa kokha, ndipo banja la Jenxcus lakhala likuyenda pa mafulashi kuyambira cha m'ma 2013. Kachitidwe kake ndi aka: kakalowa pa fulashi kamabisa mafoda ndi mafayilo enieni, n'kuikapo timafayilo tolozera, tija tokhala ndi kamuvi pakona, tokhala ndi maina omwewo. Munthu akadina kolozerako, foda yake imatsegukadi, koma kachilombo kayamba kale kugwira ntchito kumbuyo. Kamchira ka `!lnk` kakukuuzani kuti chimene chatsekeredwa ndi kolozera kabodzako. Si foda yanu. Apa ndi pamene ndaona anthu ambiri akugwa: amaona dzina la foda yawo m'kwarantini, amati antivayirasi yadya ntchito yawo, amadina `Restore`, n'kubweza msampha womwewo. Pa mzere uwu dinani `Remove` popanda kukayika. Mulibe chanu m'menemo.

Kuti mutsimikize kuti malipoti alipo, dinani fulashiyo ndi batani lakumanja la mausi, musankhe `Properties`, muone `Used space`. Ngati ikuonetsa kuti malo ambiri ndi odzaza pamene m'kati mukuoneka mopanda kanthu, zinthu zangobisika. Tsegulani `Command Prompt` mulembe lamulo ili, mutayamba mwaona kuti chilembo cha fulashi yanu ndi `E` ndithu, chifukwa chimasinthasintha:

```
attrib -h -s -r E:\*.* /s /d
```

Lamuloli silifufuta kanthu, limangovula mafayilo zizindikiro zowabisa. Mafoda akaonekera, yang'ananinso ngati patulukira fayilo yothera ndi `.vbs` imene simukuidziwa. Imeneyo ndiye mwini nkhani, musaidine, muifufute. Kenako koperani zikalata zanu zokha pa laputopu, muzisikane, fulashiyo muifomate. Ndipo mwini kompyuta ija muwauze, mwaulemu, kuti makina awo ali ndi kachilombo. Akapanda kukonza, fulashi iliyonse yolowamo izituluka chimodzimodzi.

Funso limene ndikadakufunsani mukadakhala pafupi ndi ili: kodi munadina kolozera kaja antivayirasi isanalankhule? Kugwidwa kwa fayilo imene yangokhala phee ndi kugwidwa kwa fayilo imene yagwira kale ntchito ndi nkhani ziwiri. Jenxcus ikagwira ntchito imadzikopera m'mafoda obisika a munthu wogwiritsa kompyuta, imadzilembetsa kuti izidzuka Windows ikamayaka, ndipo imatsegulira munthu wakutali khomo lotumizira malamulo. Zizindikiro zake mumaziona pa zithunzi munajambula zija. Mzere umene ukuyamba ndi `file:` ukunena za fayilo chabe. Mukaona `process:`, ndiye kuti chinthucho chinali chikugwira ntchito pa nthawi imene chinagwidwa. Mukaona `regkey:`, `runkey:` kapena `startup:`, chinali chitamanga kale maziko. Pa zimene mwanditumizira, za Jenxcus pali fayilo ya pa `E:` yokha, zomwe zikulimbitsa mtima. Komabe yesani izi: mukafomata fulashi, ilowetseni, mudikire pang'ono, muone ngati tolozera tabwereranso. Tikabwerera, kachilombo kali m'laputopu momwemo.

Mzere wachiwiri ndi umene ukufuna kudekha, chifukwa apa antivayirasi ikhoza kukhala kuti yalakwitsa, ikhozanso kukhala kuti yanena zoona. `Trojan` ndi pulogalamu yodzionetsa ngati yabwino pamene ili ndi zolinga zina. Koma Wacatac si dzina la kachilombo kamodzi kodziwika nkhope. Ndi dzina limene Defender imapatsa zinthu zambirimbiri zosiyana. Kamchira ka `!ml` kakutanthauza kuti palibe chidindo cha kachilombo kodziwika chimene chafanana ndi fayilo yanu. Makina angoyerekeza maonekedwe ake ndi a mafayilo oipa amene anawaonapo, n'kuweruza kuti ikukayikitsa. Maantivayirasi ena amanena zomwezi ndi mawu awo: `HEUR:`, `Generic`, `Malware-gen`, `Gen:Variant`, `Suspicious`. Mukaona mawu otere, dziwani kuti mukuwerenga chikayiko. Mapulogalamu ang'onoang'ono olembedwa ndi munthu mmodzi, opanda siginecha ya pa kompyuta, amene amagwiritsidwa ntchito ndi anthu ochepa, amagwidwa chotere kawirikawiri, makamaka akakhala kuti anamangidwa mtolo umodzi umene umadzimasula wokha potseguka. Zilombo zenizeni nazo zimadzimasula chotero, n'chifukwa chake makina amasokonezeka.

Kulakwitsa kotere si kwachilendo, ndipo sikugwera mapulogalamu ang'ono okha. Mu Epulo 2010 antivayirasi ya McAfee, italandira mndandanda watsopano wa zilombo, inatenga `svchost.exe`, fayilo yofunika ya Windows XP, ngati kachilombo, ndipo makompyuta ambiri m'maofesi anangoyamba kuzima ndi kuyaka. Koma mbali inayo nayo ilipo: mu 2017 pulogalamu ya CCleaner, mtundu wa 5.33, inatuluka kwa eni ake enieni, ili ndi siginecha yoyenera, koma akuba anali atalowetsamo zawo. Ndikutchula ziwirizi kuti musatsamire mbali imodzi. Mawu oti antivayirasi yanena sakwana kufufutira chinthu chimene simungachipezenso, ndipo mawu oti ndikumudziwa amene anandipatsa sakwana kubwezera.

Ndiye chitani motere. Choyamba, tetezani zimene zili zanu. Antivayirasi yatenga `malisiti.exe` yokha, yomwe ndi pulogalamu. Malisiti enieniwo amakhala m'fayilo ina, kawirikawiri yothera ndi `.db`, `.mdb` kapena `.accdb`, m'foda yomweyo kapena ina imene wolembayo angakuuzeni. Koperani foda yonse ya `C:\Malisiti` pamalo ena lero lomwe. Mukatero, ngakhale pulogalamu itatayika, mabuku anu ali bwino, ndipo mantha okukankhirani ku `Restore` atha.

Kenako ganizirani mbiri ya fayiloyo. Yakhala pamenepo miyezi ingati? Kodi mnyamatayo anakutumizirani yatsopano posachedwa, ndipo inabwera bwanji, kuchokera m'manja mwake kapena kudzera pa uthenga umene unangoti ndi wake? Fayilo imene yagwira ntchito chaka chonse osasinthidwa, n'kugwidwa lero ndi dzina lachikayiko, nthawi zambiri imakhala kuti chasintha ndi maganizo a antivayirasi, osati fayiloyo. Malo ake akuthandizanso: ili m'foda yake yodziwika. Ikadakhala m'`AppData`, m'`Temp` kapena m'`Downloads`, ili ndi dzina la zilembo zosamveka kapena lobera fayilo ya Windows, sindikadataya nthawi. Mwachitsanzo `svchost.exe` yeniyeni imakhala mu `C:\Windows\System32`. Ikapezeka m'`Temp` ndi yonamizira. Palinso mfundo ina yokomera pulogalamu yanu: Jenxcus silowa m'kati mwa mapulogalamu ena, choncho mizere iwiriyi mwina yangokumana chifukwa munasikana kompyuta yonse tsiku limenelo. Ndikuti mwina, chifukwa kachilombo kotsegula khomo kangathe kuitana anzake. Ngati munadina kolozera kaja, chikayiko changa pa fayilo iyi chikwera.

Tsopano umboni. Pitani pa `Virus & threat protection`, mupeze `Protection updates`, mudine `Check for updates`, chifukwa zolakwika zambiri zimakonzedwa pakapita masiku ochepa. Pemphani wolemba pulogalamuyo akupatseni ina yochokera kwa iye mwini, ndipo akuuzeni nambala yake ya SHA-256. Nambala imeneyi ndi chidindo cha zilembo 64 chimene chimasinthiratu fayilo ikasinthidwa ngakhale pang'ono chabe. Yanuyo mungaitulutse m'kwarantini kupita m'foda yoyesera, osati pamalo pake, potsegula `Command Prompt` ndi `Run as administrator`. Yambani mwapanga foda ya `C:\Zoyesa`:

```
cd "%ProgramFiles%\Windows Defender"
MpCmdRun.exe -Restore -ListAll
MpCmdRun.exe -Restore -Name "Trojan:Win32/Wacatac.B!ml" -Path C:\Zoyesa
certutil -hashfile C:\Zoyesa\malisiti.exe SHA256
```

Lamulo lachiwiri limaonetsa zonse zili m'kwarantini, ngakhale zimene zachoka kale pa `Protection history`. Fayilo ikatuluka musaitsegule. Ngati Defender yaigwiranso nthawi yomweyo musalimbane nayo pozimitsa chitetezo. Apa ndi poyenera kuitana wodziwa. Nambala yanu ikafanana ndi ya wolembayo, ndiye kuti fayiloyo sinasinthidwe ili kwa inu. Ikasiyana, pamene iye akunenetsa kuti ndi mtundu womwewo umene anakupatsani, musafunsenso zambiri: `Remove`, muike yatsopano.

Kufanana kwa nambala sikunamalize mlandu, chifukwa kompyuta ya wolembayo nayo ikhoza kukhala yodwala. N'chifukwa chake timafunsa maantivayirasi ena. Tsamba la VirusTotal, limene linayamba mu 2004 ndipo Google inaligula mu 2012, limayesa fayilo imodzi ndi maantivayirasi pafupifupi 70. Mungaikepo nambala ija pa `Search`; ngati palibe anaitumizapo, mungatumize pulogalamuyo. Chenjezo lalikulu, makamaka kwa inu a maakaunti: chimene mwatumiza kumeneko chimasungidwa ndipo makampani ndi akatswiri a chitetezo amatha kuchitenga. Fayilo ya malisiti, ya malipiro, kapena chikalata chilichonse chokhala ndi maina a anthu musadzatumize. Pulogalamu yokha, ndipo mwini wake avomere.

Powerenga zotsatira musangoyang'ana nambala ya pamwamba. Tiyerekeze kuti atatu mwa onsewo ati ndi yoipa, ndipo maina awo ndi a chikayiko okhaokha, `Generic`, `Heur`, `Malicious` ndi ena otero, pamene maantivayirasi akuluakulu ali chete. Zotere, pamodzi ndi mbiri yabwino ya fayilo, ndimazitenga ngati kulakwitsa. Koma tiyerekeze kuti makumi atatu kapena anayi agwirizana, ndipo angapo akutchula banja limodzi lenileni kapena mawu onga `Stealer`, `Spy` kapena `Backdoor`. Pamenepo palibe zokambirana. Pakati pa ziwirizi pali tinthu tiwiri tosocheretsa. Maantivayirasi angapo amabwereka injini ya kampani imodzi, ndiye mukaona dzina lofanana chilembo ndi chilembo pa mizere isanu, liwerengeni ngati liwu limodzi. Kachiwiri, fayilo imene yangotuluka kumene ikhoza kugwidwa ndi ochepa chifukwa enawo sanaidziwe. Pa `Details` pali `First Submission`, ndipo ngati tsikulo ndi la lero kapena dzulo, dikirani masiku angapo muyesenso. M'kwarantini siwola.

Umboni ukakomera pulogalamuyo, ibwezeni, koma mochepetsa khomo. Pitani pa `Manage settings`, mutsike pa `Exclusions`, muwonjezere ndi `File`, muloze `C:\Malisiti\malisiti.exe` yokhayo. Musasankhe foda yaikulu, musasankhe `C:\` yonse, ndipo musasankhe mtundu wonse wa `.exe`. Mukabweza, tsegulani `Allowed threats`. Ngati dzina la Wacatac lalembedwamo, dinani `Don't allow`. Kumbukirani kuti dzina limeneli limavalidwa ndi zinthu zambiri zoipadi, ndipo kulilola n'kuzitsegulira zonsezo chifukwa cha pulogalamu imodzi. Wolembayo naye ali ndi ntchito: atumize fayiloyo ku tsamba la Microsoft Security Intelligence kuti akaiunike ngati yogwidwa molakwa. Akavomera, kupatula kuja mukuchotse.

Mzere wachitatu suli m'kwarantini. `Action needed` akutanthauza kuti fayilo ikadali pamalo pake, ikudikira inu. Apa antivayirasi sinalakwitse, ngakhale ambiri okonza makompyuta adzakuuzani kuti ingololani, si vayirasi. Theka la mawu awo ndi loona. `HackTool` si kachilombo kodzifalitsa. Ndi chida chothyolera maloko, ndipo AutoKMS ntchito yake ndi kunamiza Windows kapena Office kuti ili ndi laisensi. Imatsanzira njira imene makampani akuluakulu amatsegulira makompyuta awo, imene chilolezo chake chimatha pakapita masiku 180, n'chifukwa chake chidachi chimadziikira nthawi yodzuka chokha kuti chizikonzanso chilolezocho. Mwina simunachiike ndinu. Kawirikawiri chimabwera ndi amene anakuikirani mapulogalamu.

Theka linalo ndi limene limandidetsa nkhawa. Chida chimenechi chimagwira ntchito ndi mphamvu zonse za woyang'anira kompyuta, chimachokera ku masamba amene palibe amawayankhira, ndipo akuba amakonda kubisa zoba mapasiwedi m'zida zotere chifukwa amadziwa kuti munthu adzazimitsa yekha antivayirasi kuti achiike. Palibe njira yapafupi yoti inu musiyanitsire choyera ndi chosakanizidwa, popeza zonse zimagwidwa. Pa makina osunga ndalama za anthu, ine ndimachotsa. Zotsatira zake muzidziwiretu kuti zisakudzidzimutseni: zikalata zanu sizifufutika, koma nthawi ija ikatha Office idzayamba kupempha laisensi ndipo mwina idzakulolani kuwerenga osati kulemba. Pofika pamenepo mukhale mutagula laisensi, kapena mutaika LibreOffice, yomwe ndi yaulere ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ngakhale masipuredishiti okhala ndi makiro ambiri muyambe mwawayesa. Ndipo poti chidachi chapezeka, kayang'aneni pa `Exclusions` paja. Oika zida zotere amasiyamo mafoda opatulidwa, nthawi zina aakulu zedi. Chilichonse chimene simukuchidziwa muchichotse, kenako musikanenso, chifukwa sikani munachita ija sinalowe m'mafoda amenewo.

Simunafunse za izi koma mudzakumana nazo. Maina oyamba ndi `PUA`, `PUP` kapena `not-a-virus` ndi a mapulogalamu osafunika: odzaza zotsatsa malonda, osintha tsamba loyamba la burawuza, obwera mobisala poika pulogalamu ina. Funso lake ndi limodzi, kodi ndinaika dala ndipo ndimaigwiritsa ntchito? Ngati ayi, ichotseni, ndipo ndi bwino kuyamba ndi `Installed apps` kuti ichoke ndi mizu yomwe. Apa ndi pamene kunyalanyaza kumakhala ndi malo, ngati chinthucho mukuchidziwa bwino. Pamene muyenera kusamala ndi `Delete` ndi pamene chogwidwa chili m'kati mwa chinthu china chachikulu. Mukaona `containerfile:` kapena kamuvi `->` pakati pa njira ya fayilo, ndiye kuti kachilombo kali m'kati mwa `.zip`, `.iso` kapena fayilo ya maimelo. Mapulogalamu ena a imelo amasunga makalata onse m'fayilo imodzi, monga `.pst` ya Outlook kapena `Inbox` ya Thunderbird, ndipo kufufuta fayilo yonseyo chifukwa cha kalata imodzi n'kutaya makalata a zaka. Mumatsegula pulogalamu ya imelo, n'kufufuta kalata yoipayo yokha osatsegula chimene yanyamula.

Nanga ngati dzina layamba ndi `Virus:`, monga la mabanja a Sality kapena Virut? Amenewa amalowa m'kati mwa mapulogalamu abwino, ndipo mudzawazindikira chifukwa sikani imatulutsa mafayilo a `.exe` ambirimbiri, kuphatikizapo amene mumawadziwa ndi kuwakhulupirira. Kuwadziwako kusakunyengeni, kubweza imodzi n'kuyambitsanso zonse. Batani la `Clean` kapena `Disinfect` linapangidwira zotere, limayesa kuchotsa gawo loipa n'kusiya pulogalamu, koma silipambana nthawi zonse, ndipo kawirikawiri njira yodalirika ndi kupulumutsa zikalata zokha n'kuika Windows mwatsopano.

Chinthu china chachifupi: chenjezo lenileni la Defender mumalipeza pa `Protection history`. Uthenga wotuluka m'burawuza kapena pakona ya sikirini, wokuwa kuti muli ndi mavayirasi asanu, wopereka nambala ya foni kapena wopempha ndalama, ngati sukupezeka kumeneko kapena m'pulogalamu ya antivayirasi imene munaika, ndi wabodza, ndipo batani lililonse la pamenepo ndi msampha. Tsekani burawuza, muchotse chilolezo cha tsambalo pa `Notifications`.

Mukamaliza zitatu zanuzo, pitani pa `Scan options` musankhe sikani ya `Offline`. Kompyuta imazima n'kuyakanso, n'kudzisikana Windows isanadzuke, pamene zilombo zobisala sizinapeze mpata wodziteteza. Zimatenga pafupifupi mphindi 15, ndiye sungani ntchito yanu ndi kulumikiza chaja. Ikatuluka yoyera, ndipo fulashi sikubalanso tolozera, mungapitirize ntchito.

Itanani katswiri, osazengereza, ngati mwaona `Remediation incomplete`, kapena dzina lomwelo likubwerera kompyuta ikayakanso, kapena Defender ikukana kuyaka, chifukwa zikutanthauza kuti pali china chimene chikubwezeretsa chochotsedwacho. Ngati munadina kolozera kaja, kapena patuluka dzina loyamba ndi `PWS:`, `TrojanSpy:` kapena `Backdoor:`, kufufuta fayilo sikubweza zimene zabedwa kale. Chotsani laputopu pa intaneti, mutenge foni kapena kompyuta ina yoyera, musinthe mapasiwedi kuyambira wa imelo, popeza ena onse amabwezeretsedwa kudzera kumeneko, kenako a kubanki, ndipo pa akaunti iliyonse musankhe kutulutsa zipangizo zonse zimene zinalowamo. Mukaona `Ransom:`, kapena zikalata zasintha maina ndipo zikukana kutseguka, dulani intaneti, muzule mafulashi ndi madisiki onse akunja, ndipo musafufute kanthu, ngakhale kalata ya akubawo, chifukwa wokuthandizani adzaifuna kuti adziwe banja lake. Ngati laputopuyo ndi ya kuntchito ndipo kuli woyang'anira makompyuta, muuzeni lero, mumupatse zithunzi zija, ndipo za `Restore` ndi `Exclusions` asankhe ndi iyeyo.